Mwapeza 1.17 V, buku likuti 1.03 V, mita ikuti 0.98 V: cholakwika chili pati?

Funso: "Ndimaphunzitsa kemisitiri kalasi 12 ku Moatize. Tinapanga selo ya zinki ndi kopa, madzi a zinki 0.50 mol/L, a kopa 0.0020 mol/L. Ine powerengera ndi fomula ya Nernst ndinapeza 1.17 V, mnzanga ndi buku lake anapeza 1.03 V, koma mita inaonetsa 0.98 V. Wolondola ndani? Kapena ndi kutentha kwa kuno, poti m'kalasi mumafika madigiri 40?"

Aphunzitsi, pa pepala wolondola ndi mnzanuyo. Yankho ndi 1.03 V, ndipo 1.17 V yanuyo yabwera chifukwa Q wa mu fomula ya Nernst mwamutembenuza, za pansi mwaziika pamwamba. Za mita ndi nkhani ina, tifikako. Dzuwa la ku Moatize lisiyeni, mlandu wake pano ndi wochepa kwambiri.

Musanagwire kakyuleta, lembani zimene zikuchitika m'selomo. Zinki akutaya maelekitironi awiri n'kulowa m'madzi ngati ayoni, ndipo ayoni wa kopa akulandira maelekitironi awiriwo n'kumatirira pa chitsulo cha kopa:

Zn(s) + Cu²⁺(aq) → Zn²⁺(aq) + Cu(s)

Iyi ndi selo imene John Frederic Daniell anapanga mu 1836. Pa tebulo la m'buku, kopa ali ndi +0.34 V, zinki ali ndi −0.76 V, choncho E° = 0.34 − (−0.76) = 1.10 V. Nambala imeneyi imagwira pokhapokha mbali zonse ziwiri zili pa muyezo wa 1 mol/L, ndipo matebulo ambiri amaipereka pa madigiri 25. Madzi anu sali pa muyezo umenewo. Fomula imene Walther Nernst anatulutsa mu 1889 ntchito yake ndi kutiuza kuti pa 1.10 V tichotsepo zingati kapena tiwonjezerepo zingati:

E = E° − (RT/nF) ln Q

R ndi 8.314 J/(mol·K), F ndi 96485 C/mol, T ndi kutentha m'makelivini, n ndi maelekitironi amene adutsa mu waya malinga ndi mzere umene talemba uja. Tikaika T = 298 K n'kusintha ln kukhala log, timapeza fomula yachidule imene ana amaloweza:

E = E° − (0.0592/n) log Q

Chizolowezi chimene ndimafuna mwana aliyense akhale nacho ndi kulosera kaye kumene yankho lilowere. M'selo yanu maayoni a kopa ndiwo akudyedwa, ndipo mwawaika ochepetsetsa. Maayoni a zinki ndiwo akupangidwa, ndipo alimo kale ochuluka kuposa a kopa maulendo 250. Selo yoteroyo ili ngati yagwira kale ntchito nthawi yaitali, chokankhira maelekitironi chachepa. Ndiye E ayenera kutsika pansi pa 1.10 V. Mukanayamba ndi ganizo limeneli, 1.17 V mukanaikana musanaionetse munthu, chifukwa palibe njira yoti selo yosowa kopa iposere selo yokhuta kopa.

Q amalembedwa motere: zopangidwa pamwamba, zodyedwa pansi. Zitsulo zolimba, Zn(s) ndi Cu(s), sizilowamo. Kaya chitsulo cha zinki ndi chachikulu ngati dzanja kapena n'kachidutswa, voteji sisintha. Chimene chimasintha ndi nthawi imene selo ikhale ikugwira ntchito komanso magetsi amene ingatulutse. Choncho:

Q = [Zn²⁺]/[Cu²⁺] = 0.50/0.0020 = 250

log 250 = 2.40

E = 1.10 − (0.0592/2)(2.40) = 1.10 − 0.071 = 1.03 V

Inu munalemba 0.0020/0.50, log yake ndi −2.40, ndipo kuchotsa nambala ya mayinasi kunasanduka kuwonjezera: 1.10 + 0.071 = 1.17 V. Ambiri amagwera apa chifukwa mabuku salemba fomulayi mofanana. Ena amalemba ndi chizindikiro chochotsera, monga ndalembera ine. Ena, makamaka akamakamba za theka limodzi la selo, amalemba ndi chizindikiro chowonjezera n'kuika pamwamba maayoni amene akulandira maelekitironi. Onse akulondola, koma munthu akatenga chizindikiro m'buku ili, Q n'kumutenga m'buku linalo, zasokonekera. Sankhani kalembedwe kamodzi ndipo m'kalasi mwanu mukhale komweko chaka chonse.

Pali njira yotsimikizira yankho imene ndimaikonda, ngakhale imatenga mphindi ziwiri zoonjezera. Werengerani theka lililonse palokha, onse awiri muwalembe ngati akulandira maelekitironi. Kopa: 0.34 − 0.0296 log(1/0.0020) = 0.34 − 0.080 = 0.260 V. Zinki: −0.76 − 0.0296 log(1/0.50) = −0.76 − 0.009 = −0.769 V. Kenako katodi kuchotsa anodi: 0.260 − (−0.769) = 1.029 V. Tafika pomwe paja. Ubwino wa njirayi ndi woti imaonetsa kumene mavoliti atayikira. Pafupifupi zonse zatayikira mbali ya kopa, imene yatsika ndi 0.080 V, pamene mbali ya zinki yabwezako 0.009 V yokha.

Mukamachonga mapepala a ana pa funso lomweli, yankho lolakwika limakuuzani lokha chimene chachitika, simufunika kuwerenga mzere uliwonse. Amene wapeza 1.17 watembenuza Q. Amene wapeza 0.96 waiwala kugawa ndi n. Amene wapeza 0.94 wagwiritsa ntchito 0.0592 koma pa kakyuleta wadina `ln` m'malo mwa `log`. Nambala ya 0.0592 imayenda ndi log basi. Amene akufuna ln agwiritse ntchito 0.0257, ndipo 0.0257/2 kuchulukitsa ndi ln 250, imene ndi 5.52, imabweretsanso 0.071. Pomaliza pali amene amapeza 1.09, nambala yooneka yosalakwa chifukwa ili pansi pa 1.10. Ameneyu waika 25 pa T m'malo mwa 298.

Tibwere ku kutentha. Nambala ya 0.0592 si yokhazikika, ndi 2.303RT/F yowerengeredwa pa madigiri 25. Pa madigiri 40, T ndi 313 K ndipo nambalayo imakhala 0.0621. Pa madigiri 15, monga m'mawa wa Juni ku Ulongwe kapena ku Tsangano, T ndi 288 K ndipo imakhala 0.0572. Tiike 0.0621 m'selo yanu: (0.0621/2)(2.40) ndi pafupifupi 0.0745, kusiyana ndi 0.071 ya poyamba ija. Kusiyanako sikufika mamilivoliti anayi. E° nayenso amasintha ndi kutentha, zimene mabuku a sekondale nthawi zambiri satchula, koma pa selo ya Daniell amatsika pafupifupi 0.1 mV pa digiri iliyonse, ndiye pa madigiri 15 oonjezerawo ndi mamilivoliti osakwana awiri. Zonse pamodzi ndi mamilivoliti ngati asanu. Mita yanu yasiyana ndi pepala ndi mamilivoliti 50. Kutentha kwangotenga gawo limodzi mwa magawo khumi. Komanso kumbukirani kuti T ndi kutentha kwa madzi a m'bikala, osati kwa mpweya wa pansi pa malata. Pa mayeso, funso likatchula kutentha kosiyana ndi madigiri 25, ana asiye 0.0592 abwerere ku fomula yaitali ya RT/nF.

Pali chinthu china chimene fomulayi imanena chimene ana ambiri sachiona ngakhale akhoza mayeso. Chifukwa cha log, voteji ndi youma mutu. Pa selo ya n = 2, Q akachuluka maulendo khumi, E amatsika ndi 0.0296 V yokha. Yambani ndi 1.0 mol/L mbali zonse, madzi ofanana kuchuluka, n'kuisiya selo igwire ntchito mpaka maayoni a kopa 99 mwa 100 alionse atha. Kopa watsala 0.010 mol/L, zinki wafika 1.99 mol/L, Q ndi 199, ndipo E ndi 1.03 V. Selo yatsala pang'ono kufa koma mita ikuonetsabe nambala yooneka bwino. Mukapitiriza mpaka atatsala mmodzi pa 1000, E ndi pafupifupi 1.00 V. Kuti E afike pa 0, Q ayenera kufanana ndi K, nambala ya ikwilibiriyamu, ndipo log K = nE°/0.0592 = 2 × 1.10/0.0592, pafupifupi 37. Kopa wotsala pamenepo palibe chida chimene chingamuyeze.

Mfundo imeneyi ndiyo ikutithandize pa nkhani ya mita. Mwina mukuganiza kuti munalakwitsa poyeza mchere pa sikelo. Tiyeni tione. Salufeti wa kopa wabuluu uja ndi CuSO₄·5H₂O, ndipo molo imodzi imalemera 249.7 g, ndiye 0.0020 mol/L ndi 0.50 g pa lita. Munthu akalakwitsa n'kuwerengera ndi 159.6 g, kulemera kwa mchere wopanda madzi, amayeza 0.32 g ndipo madzi ake amakhala 0.0013 mol/L. Cholakwa chachikulu ndithu, choposa gawo limodzi mwa magawo atatu, koma pa mita chimangotsitsa ndi 0.006 V. Kuti 0.05 V itayike chifukwa cha kuchepa kwa maayoni okha, kopa ayenera kuchepa pafupifupi maulendo 50. Sikelo, ngakhale yotopa bwanji, singakusokeretseni mpaka pamenepo.

Wina angakuuzeni kuti fomula ya Nernst kwenikweni sifuna mol/L koma akitiviti, ndipo akunena zoona. M'madzi odzaza maayoni, maayoniwo amakokana ndi kugwirana awiriawiri, moti amachita zinthu ngati ndi ochepa kuposa mmene aliri. Zili ngati shapa yodzaza anthu pa msewu wa Tete ndi Moatize: mukawawerenga ndi ambiri, koma amene angatambasule mwendo ndi owerengeka. Pa masalufeti a zinki ndi kopa nkhaniyi ndi yaikulu, moti pa 0.1 mol/L akitiviti imangokhala pafupifupi magawo 15 mwa 100 a zimene munayeza. Koma taonani kumene ikukankhira. Madzi odzaza ndi a zinki, ndiwo amachepetsedwa kwambiri, pamene a kopa ndi osungunuka kwambiri ndipo amachepetsedwa pang'ono. Pamwamba pa Q pachepa kuposa pansi, Q weniweni ndi wochepera 250, ndipo E akanakwera pamwamba pa 1.03 V ndi masentivoliti angapo. Mita yanu yatsika. Choncho akitiviti si imene yakubani, ndipo mpata weniweni pakati pa pepala ndi mita mwina ndi wokulirapo kuposa 0.05 V.

Ndikanakhala pamenepo ndikanayamba kufunsa za madzi. Pa 0.0020 mol/L kopa ndi wochepa kwambiri, moti zilizonse za m'madzi zimamulanda. Madzi a pamjigo kapena a pampopi akakhala ndi kaboneti, maayoni a kopa amagwirana naye n'kupanga timatope tobiriwirako. Nyamulani bikala muyang'ane motsutsana ndi kuwala. Madzi oyenera amakhala oyera mbee, buluu wake wosaoneka bwinobwino. Mukaona chifunga kapena zodikha pansi, maayoni ambiri achoka m'madzi, ndipo iyi ndi njira imodzi imene kopa angachepere maulendo makumi angapo. Gwiritsani ntchito madzi otchezedwa, omwe aja amagulitsa othira m'batire ya galimoto, koma onetsetsani kuti ndi madzi osati asidi.

Kachiwiri ndi zitsulo. Zinki akakhala pa mpweya amavala chikhungu chotuwa, kopa naye amada. Zonsezi zimasintha zimene zikuchitika pamwamba pa chitsulo. Palani ndi sandipepa mpaka ziwale, mutsuke, muviike nthawi yomweyo. Kuyesa kwake n'kosavuta: ngati mutapala nambala yakwera, vuto linali pamenepo. Ngati zinki wanu ndi chidutswa cha lata kapena msomali wokutidwa, dziwani kuti zinkiyo ndi kansalu kopyapyala pamwamba pa chitsulo wamba. M'mphepete modulidwa, kapena pamene mwapala mopitirira, chitsulo cha m'katicho chimakhudza madzi ndipo voteji imatsika. Apa sandipepa amawononga m'malo mokonza. Yang'ananinso ngati pa zinki pali madontho akuda kapena ofiirira. Amenewo ndi kopa amene wawoloka kuchokera ku bikala inayo, kapena wabwera ndi ndodo yotakasira yosatsukidwa, n'kumatirira pa zinki mwachindunji osadzera mu waya.

Kachitatu ndi mita pamodzi ndi mlatho wa mchere. Fomula ya Nernst imanena za selo imene sikutulutsa magetsi. Magetsi akangoyamba kuyenda, mavoliti ena amathera m'kati mwa selo momwemo, m'madzi ndi mu mlatho, ndipo pafupi ndi chitsulo cha kopa maayoni amatha msanga kuposa mmene akufikira. Madzi a 0.0020 mol/L sadutsitsa bwino magetsi, ndiye vutoli limakula. Mita ya manambala nthawi zambiri imakhala ndi mamegaomu ngati khumi ndipo imakoka magetsi ochepetsetsa, choncho siwononga zambiri. Mita ya singano imakoka ochulukirapo, ndipo pa selo yofooka ngati iyi ikhoza kutsitsa nambala mooneka ndi maso. Ngati munali mutalumikiza kababu kapena munagunditsa mawaya musanayeze, dikirani mphindi zingapo n'kutakasa madzi. Poyesa mlatho, ikani wachiwiri pambali pa woyambawo. Nambala ikakwera, ndiye kuti woyambayo anali wouma kapena wopyapyala. Mlatho wabwino ndi pepala losefera lonyowetsedwa bwino ndi KNO₃. Ngakhale zonse zili bwino, pamene madzi awiri osiyana akumana pamabadwa kavoteji kakang'ono ka mamilivoliti angapo kamene fomula yathu sikawerengera, ndiye musayembekezere kuti mita ndi pepala zigwirizana mpaka nambala yachitatu.

Ineyo pophunzitsa sindilimbana kwambiri ndi nambala imodzi. Chimene chimatsimikizira ana ndi kusintha kwake. Konzani madzi a kopa atatu, 0.10, 0.010 ndi 0.0010 mol/L, posungunula kakhumi kakhumi, mbali ya zinki osaigwira. Yambani ndi osungunuka kwambiriwo kuti madontho otsalira asakusokonezeni. Pa sitepe iliyonse pepala likulosera kusiyana kwa 0.030 V. Mita ikhoza kuonetsa kocheperapo, makamaka pakati pa 0.010 ndi 0.10, ndipo pamenepo ndi pomwe mungatchule akitiviti ana n'kumva, chifukwa aiona ndi maso. Zolakwika za zinki wakuda zimakhala pafupifupi zofanana m'miyezo itatu yonseyo, ndiye pochotsera zimachepa zokha.

Selo ya Daniell ili ndi vuto limodzi pophunzitsira: ndi yophweka mopitirira. Mbali zonse n ndi 2 ndipo manambala a kutsogolo kwa maayoni ndi 1, choncho mwana akhoza kukhoza asakudziwa chimene akuchita. Muwapatsenso ya kopa ndi siliva:

Cu(s) + 2Ag⁺(aq) → Cu²⁺(aq) + 2Ag(s)

Siliva ali ndi +0.80 V, ndiye E° = 0.80 − 0.34 = 0.46 V. Theka la siliva talichulukitsa kawiri kuti maelekitironi afanane, koma 0.80 V sitiichulukitsa, chifukwa voliti ndi mphamvu pa chaji iliyonse, ndipo maelekitironi akachuluka kawiri mphamvu nayo imachuluka kawiri, kugawana kwake n'kukhala komweko. Nambala 2 ija imapita malo awiri ena. Imakhala n, komanso imakwera pamwamba pa [Ag⁺] mu Q. Tiike [Cu²⁺] = 0.10 mol/L ndi [Ag⁺] = 0.010 mol/L:

Q = [Cu²⁺]/[Ag⁺]² = 0.10/(0.010)² = 1000

E = 0.46 − (0.0592/2)(3) = 0.46 − 0.089 = 0.37 V

Woiwala ka 2 kapamwambako amapeza Q = 10 ndi E = 0.43 V. Njira ya matheka ija imamugwira pomwepo: siliva payekha, n = 1, ndi 0.80 − 0.0592 log(1/0.010) = 0.682 V, kopa ndi 0.34 − 0.0296 log(1/0.10) = 0.310 V, ndipo kusiyana kwake ndi 0.37 V. Mwana wina adzafunsa ngati angalembe mzerewo ndi theka la kopa ndi siliva mmodzi. Mloleni. Pamenepo n ndi 1, Q ndi sikweya ruti ya Q wakale, log yake ndi 1.5, ndipo 0.0592 × 1.5 ndi 0.089 yomwe ija. Chofunika ndi choti n ndi Q zichokere mu mzere umodzi.

Mukafuna kuipanga selo ya silivayi m'kalasi, mlatho wake usakhale wa mchere wa m'khitchini kapena KCl. Kolorayidi amagwirana ndi Ag⁺ n'kupanga AgCl, matope oyera, ndipo [Ag⁺] ikagwa voteji imagwa ndi 0.059 V pa kuchepa kulikonse kwa maulendo khumi, kawiri kuposa mmene imagwera ndi kopa. Pamenepa KNO₃ ndi madzi otchezedwa n'zosasinthanitsa, chifukwa ngakhale madzi a pampopi amakhala ndi kolorayidi wokwanira kuchititsa chifunga m'bikala.